Mbiri ya masekondi 30: kulemba zoti wotsogolera zokambirana awerenge mosapunthwa

Funso

Ndine mlangizi wa zaulimi m'boma la Kasungu. Andiitana ku Lilongwe kukakhala mmodzi mwa anthu anayi amene adzakambirane pagulu za chonde cha m'nthaka tsopano pamene feteleza wakwera mtengo. Zokambiranazo zidzakhala m'Chichewa, ndipo akuti zidzamvekanso pa wailesi. Andiuza kuti nditumize mbiri yanga yaifupi yoti wotsogolera adzawerenge pondionetsa kwa anthu. Ndalemba, koma yadzaza tsamba lonse, ndipo ndikati ndidule ndikuona ngati chilichonse n'chofunika. Ndatumiza tsambalo pamodzi ndi funsoli. Ndichotse ziti, nanga zotsalazo ndizilembe bwanji?

Mlangizi, Kasungu

Yankho

Mayi mlangizi, mwachita bwino kutumiza tsamba lenilenilo. Ndaliwerenga mokweza, pa liwiro limene munthu amayankhulira akagwira chimkuzamawu, ndipo landitengera mphindi zitatu. Tsono tiwerengere limodzi. Zokambirana zamtunduwu nthawi zambiri amazipatsa ola limodzi. Muli anthu anayi. Aliyense akabwera ndi tsamba ngati lanuli, mphindi 12 zitha wina asanatchule n'komwe za nthaka, ndipo kumapeto alimi amene akweza manja adzauzidwa kuti pepani nthawi yatithera. Wotsogolera wozolowera ntchito yake salola zimenezo. Adzalidula yekha tsambalo ali chiimire, n'kuwerenga zimene diso lake layamba kugwerapo: kumene munabadwira, sukulu ziwiri, basi. Chinthu chimene anakuitanirani, chomwe mwachikwirira m'ndime yachinayi, sichidzamveka. Kudulidwa kokha lidulidwa ndithu, ndiye ndi bwino mulidule nokha mudakali kunyumba.

Muyeso umene ndimapatsa anthu ndi masekondi 30, ikatalikitsa 40. M'Chichewa amenewo ndi mawu 50 mpaka 60, ziganizo zinayi kapena zisanu. Okonza misonkhano amakonda kunena kuti mawu asapitirire 100, koma amakhala akuganiza za Chingerezi, chimene mawu ake ambiri ndi aafupi. Athu amanyamula zambiri. Liwu limodzi loti "anawaphunzitsa" lili ndi maphatikizo 6. Mawu 100 a Chichewa amadutsa mphindi yathunthu. Choncho muziyang'ana wotchi ya pa foni kusiyana ndi kuwerenga mawu.

Chikukuvutitsani podula n'chakuti mwalemba ngati mukufunsira ntchito. Pa pepala lofunsira ntchito lija, limene ambiri timangoti sivi, chilichonse chimene munachita chili ndi malo ake, chifukwa woliwerenga wakhala pa desiki, ali ndi nthawi, ndipo akasokonezeka amabwerera m'mwamba. Anthu a muholo alibe pobwerera, a pa wailesi ndiye n'kosayamba. Amva kamodzi kokha, uku wina akukoka mpando, wina akunong'oneza mnzake, mayi wina ku Mtunthama akutakasa mphika wailesi ili pa zenera. Onsewa ali ndi funso limodzi: munthu ameneyu akudziwapo chiyani pa nkhani ya leroyi kuti ndimutchere khutu? Mbiri yotereyi ili ngati malonje. Woperekeza mlendo kwa amfumu sayamba kutchula mbumba yonse ya mlendoyo. Amangoti awa ndi a Uje, achokera kwakuti, abwerera zakuti, zinazo anena okha. Inunso muli ndi nthawi ya zokambiranazo yoti munene nokha.

Tengani funso limenelo n'kudutsa nalo pa tsamba lanu mzere ndi mzere. Kubadwira ku Dowa kulibe nazo ntchito za chonde, kuchoke. Sukulu ya sekondale ichoke. Mndandanda wa maphunziro a masiku awiri kapena atatu amene munachita ku Mponela ndi ku Salima uchoke wonse. Aliyense wogwira ntchito m'boma ali nawo wake, ndipo womvera sautola ngati umboni wa kanthu. Udindo wanu ku mpingo ndi wolemekezeka, koma ndi wa tsiku lina. Chimene ndikukakamirani kwambiri kuti muchotse ndi mawu oyamikira aja: "wodzipereka", "wakhama", "wokonda chitukuko". Aliyense muholomo akudziwa kuti mbiri zimenezi amalemba ndi eni ake, ndiye wotsogolera akamati "katswiri wakhama" anthu amamva inuyo mukudzichemerera ndi pakamwa pa wina. Palinso china. Wotsogolera ayenera kuoneka wosakondera. Akatamanda inu, winayo n'kungomutchula udindo wake, omvera amayamba kuganiza kuti zokambiranazo zapendekeka zisanayambe. Chotsala pa tsamba lonselo ndi ndime yachinayi ija, pamene mwanena kuti inu ndi alangizi anzanu mwaphunzitsa alimi kupanga manyowa a Mbeya. Pa nkhani ya feteleza wodula, chimenecho ndi chimene chakukhazikani pa mpandowo. Mphunzitsi wa ku yunivesite adzabwera ndi za kafukufuku, wa kampani adzabwera ndi za msika, koma amene waona dzanja la mlimi likusakaniza ndowe, gaga, phulusa ndi kafeteleza pang'ono ndinu.

Kusankha zonena ndi mbali imodzi chabe ya ntchitoyi. Mbali inayo ndi kuzilemba moti zituluke bwino m'kamwa mwa munthu wina, yemwe mwina adzaziona koyamba ali kale kutsogolo. Tiyeni tione chiganizo chanu choyamba. Dzina lanu ndalibisa.

"Mayi Uje, AEDC, omwe anabadwira m'boma la Dowa ndipo anachita maphunziro awo ku NRC (dipuloma, 2010) komanso ku LUANAR (digiri, 2018), ndi katswiri wodzipereka komanso wakhama amene wagwira ntchito ndi mabungwe osiyanasiyana pa nkhani za CSA, ISFM ndi mitengo ya feteleza m'ma EPA a Santhe ndi Chamama, pofikira alimi 1,247."

Mawu 50 popanda mpumiro. Yesani kuchiwerenga ndi mpweya umodzi, muona kuti mphamvu zithera pa LUANAR. Wowerenga akatha mpweya amapumira pamene wathera, kaya ndi pakati pa ganizo, ndipo mawu ake amatsika ngati wamaliza pomwe sanamalize. Choyambitsa ndi "omwe" uja mwamuika dzina litangotchulidwa. Liwu limeneli limatsegula kanjira kam'mbali, ndipo womvera amadikira mawu oposa 20 asanamve kuti Mayi Uje ndi ndani. Pa pepala diso limalumpha n'kukapeza "ndi katswiri". Khutu silingalumphe. Ndiye lamulo langa ndi ili: dzina, kenaka "ndi", kenaka ntchito, mpumiro. Chiganizo chilichonse chinyamule mfundo imodzi ndipo chisapitirire mawu 15 kapena 16, umene ndi utali woti munthu wamantha pang'ono akhoza kuwerenga osapuma. Zimene mwazikutira m'zizindikiro zija, monga dipuloma ndi chaka chake, wowerenga sadziwa chochita nazo. Ena amazilumpha, ena amaziwerenga monong'ona, ena amaima kaye n'kuyang'ana pepala. Ngati n'zofunika zipatseni chiganizo chawochawo, ngati si zofunika zichoke.

Taonaninso kuti munayamba mwaulemu, "omwe anabadwira", "maphunziro awo", koma mutafika pa katswiri mwagwera ku "amene wagwira". Zimachitika kawirikawiri munthu akamadzilemba yekha, chifukwa kudzitchula kuti "iwo" kumachititsa manyazi. Koma kumbukirani kuti mawuwa si inu amene mudzawanene. Wotsogolera sangakutchuleni "wagwira" pamaso pa anthu, ndiye adzakonza ali m'kati mowerenga, ndipo m'pamene lilime limapunthwa. Lembani "a-" waulemu kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ulemu umenewu uli ndi kamsampha kake kamene muyenera kukadziwa. M'ndime yachinayi mwalemba kuti "anaphunzitsa alimi kupanga manyowa ndipo anakolola matumba ochuluka". Anakolola ndani, mayiwo kapena alimi? "A-" wa munthu mmodzi wolemekezeka ndi "a-" wa anthu ambiri amamveka chimodzimodzi. Pamene pali anthu awiri m'chiganizo, mutchuleni wochitayo: "alimiwo anakolola". Liwu limodzi lowonjezera silikuonongerani nthawi.

Tsono zilembo zachidule. M'chiganizo chimodzi chomwechi muli AEDC, NRC, LUANAR, CSA, ISFM ndi EPA. Kwa inu a ku ofesi ya zaulimi amenewa ndi mawu a tsiku ndi tsiku. Kwa wotsogolera, yemwe mwina ndi mtolankhani, chilichonse ndi funso loti ayankhe m'kamphindi: kodi ichi ndichitchule ngati liwu, monga timachitira ndi ADMARC ndi NASFAM, kapena chilembo chimodzichimodzi monga MBC? Akadutsa pamenepo, womvera sanapindulebe kanthu. Ine ndimasiya chidule chokhacho chimene mayi wogulitsa tomato mumsika angachizindikire atachimva. Zinazo zimasuliridwe kukhala ntchito yeniyeniyo. AEDC ndi mkulu wa alangizi m'dera. EPA ingokhala dzina la deralo, Santhe. CSA ndi ISFM ndi mitu ya m'malipoti; chimene mumachita m'munda pansi pa mitu imeneyo ndi manyowa, kasinthasintha wa mbewu, kubzala nandolo ndi soya, ndipo mwa zimenezi mutchule chimodzi chokha chimene chikukhudza nkhani ya tsikulo. Pomasulira udindo chenjerani ndi unyolo wa "wa" ndi "za". "Mlangizi wamkulu wa za ulangizi wa za ulimi wa m'dera la Santhe" n'zolondola pa galamala, koma palibe amene angazitchule osabwereza. Timawu totere tikapitirira tiwiri totsatizana, pezani njira ina yonenera.

Pali malo amodzi pa tsamba lanu amene akanasokoneza zinthu zenizeni pa tsikulo, ndipo ndi "mitengo ya feteleza". Nditawerenga mpaka pansi ndinazindikira kuti mukunena msangu, gilirisidiya ndi ombwe, mitengo yobwezeretsa chonde. Koma zokambiranazi ndi za kudula kwa feteleza. Wotsogolera aliyense akaona mawu amenewo aganiza za makwacha, ndipo adzawatchula motero, chifukwa mtengo wa m'munda ndi mtengo wa pamsika timausiyanitsa ndi kakwezedwe ka mawu, pomwe polemba sitiika chizindikiro chilichonse. Mukanaonetsedwa ngati katswiri wa mitengo ya pamsika, ndipo funso loyamba likanakhala loti thumba la yureya lidzatsika liti. Pa zolemba zoti wina awerenge mokweza, liwu lililonse lotha kutchulidwa pawiri lisinthidwe kapena lipatsidwe mnzake wolimasulira.

Manambala nawonso amapunthwitsa. Wotsogolera akafika pa 1,247 ali ndi njira ziwiri, zonse zoipa. Akhoza kulumphira ku Chingerezi pakati pa chiganizo cha Chichewa, "wani sauzande thuu handiredi fote seveni", kapena kuyesa "chikwi chimodzi, mazana awiri, makumi anayi ndi mphambu zisanu ndi ziwiri", pofika kumapeto anthu aiwala kuti timawerenga chiyani. Nambala yeniyeniyo isungeni ya lipoti. Apa lembani "oposa 1,200". Pozungulitsa muzitsitsa, musamakweze: "oposa 1,200" n'zoona, pomwe "pafupifupi 1,500" wina wa ku ofesi kwanu amene akumvera wailesi adzakufunsani Lolemba. Manambala asapitirire awiri m'mbiri yonse. Pa za zaka zimene mwagwira ntchito, ndimakonda "kuyambira mu 2011" kusiyana ndi kutchula kuchuluka kwa zaka, chifukwa mbiri zimenezi zimayenda. Wokonza msonkhano wina adzaikopera chaka chamawa osakufunsani, ndipo chaka choyambira sichikalamba.

Tikachita zonsezi, tsamba lanu likusanduka izi:

Mayi Uje ndi mkulu wa alangizi a zaulimi ku Santhe, m'boma la Kasungu.

Akhala akulangiza alimi kuyambira mu 2011.

Pamodzi ndi alangizi anzawo, aphunzitsa alimi oposa 1,200 kupanga manyowa a Mbeya, amene amafuna feteleza wochepa.

Ulimi anauphunzira ku Bunda.

Lero atiuza zimene aona m'minda ya alimi amene sakwanitsa kugula thumba lathunthu la feteleza.

Mawu 53. Mzere woyamba ukupereka dzina, ntchito ndi malo, ndipo wotsogolera akhoza kuunena akuyang'ana anthu osati pepala. Wachiwiri ndi waufupi dala, kuti apezepo mpweya asanalowe mu wachitatu, umene ndi wautali kuposa yonse komanso ndi umene wanyamula chifukwa chokuitanirani. Mwaona kuti sindinangoti "manyowa a Mbeya" n'kusiya. Alimi ambiri akuwadziwa, koma wa m'tauni sawadziwa, ndiye mawu anayi otsatirawo akumuuza chifukwa chake manyowawa akukhudza nkhani ya lero. Kapangidwe kake, ndi masiku 21 amene amakhala m'thumba kuti apse, mudzafotokoza nokha akakufunsani.

Za sukulu ndaziika chakumapeto ndipo ndazisiya ndi mawu anayi. Ena adzati ndachepetsa digiri imene munaivutikira. Maganizo anga ndi akuti pa gulu limene pali mapulofesa, mpikisano wa mapepala simungaupambane ndipo simukufunika kuupambana. Mphamvu yanu ili m'munda. Ndalemba Bunda osati LUANAR chifukwa dzina la Bunda aliyense amalidziwa kuti ndi la ulimi, ndipo ndi losavuta kutchula. Dipuloma ya ku NRC ndaisiya poti satifiketi yapamwamba imakwirira yapansi. Mukafuna kuitchula, musalembe kuti munaitenga ku LUANAR, chifukwa mu 2010 sukuluyo inali payokha. Inalowa mu LUANAR mu 2014. Vuto lomweli ali nalo amene anaphunzira ku Poly isanasanduke MUBAS mu 2021. Tchulani dzina limene lili pa satifiketi yanu, kapena dzina la malo limene anthu analizolowera.

Mawu oti "pamodzi ndi alangizi anzawo" musawachotse pofuna kufupikitsa. Alimi 1,200 simunawaphunzitse nokha, ndipo alangizi a pansi panu ndi alimi otsogola aja amamvera wailesi. Palinso nkhani ina imene mawu oyamba enieniwo akudzutsa. Mukaonetsedwa ndi udindo wanu wa m'boma, anthu amamva ngati mukuyankhulira unduna. Padzapezeka ndithu wina woimirira n'kufunsa chifukwa chake dzina lake silinatuluke pa mndandanda wa ogula feteleza wotsika mtengo wa boma, ndipo adzayang'ana inu. Musanatumize mbiriyi kaonaneni ndi akuluakulu anu a ku ofesi ya zaulimi pa boma, mumve ngati mukupita m'dzina la ofesi kapena m'dzina lanu. Ngati ndi m'dzina lanu, mzere womaliza uja ukukuthandizani kale: "atiuza zimene aona m'minda". Ukuuza wotsogolera mafunso oyenera kukuponyerani, ndipo ukukuikirani malire. Wotsogolera wabwino amatenga funso lake loyamba kuchokera pa mzere womaliza wa mbiri, choncho mzere umenewu muulembe mukudziwa kuti ndi pamene mudzayambire kuyankhula. Musalonjezepo zimene simunakonzekere. Mukalemba kuti "atiuza njira yothetsera vuto la feteleza", mwadzimangirira nokha.

Anthu amafunsa ngati aike mawu otsekera, monga "tiwalandire Mayi Uje". Zimadalira mmene mwambowo uyendere, ndipo n'zoti mufunse okonza. Ngati adzakuitanani mmodzimmodzi kuchokera pa mipando ya anthu, dzina likhale liwu lomaliza, chifukwa ndi limene limauza anthu kuti aombe m'manja komanso limakuuzani inu kuti nyamukani. Ngati nonse anayi mudzakhala mutakhala kale kutsogolo, dzina loyamba lija n'lokwanira, ndipo kulibwereza kumachititsa kuti anthu aombe m'manja kanayi mosadziwa ngati aombe kapena adikire. Za "olemekezeka", "alendo athu" ndi kutsata maudindo a akuluakulu amene alipo, zisiyireni wotsogolera. Imeneyo ndi ntchito yake.

Chimene simuyenera kumusiyira ndi dzina lanu. Munthu amakhululuka wotsogolera akalumpha sukulu, koma dzina likalakwika limamuwawa mpaka kumapeto kwa zokambirana. Lembani ulemu umene mukufuna, Mayi kapena a, m'mawu athunthu, osati zilembo zachidule za Chingerezi zimene iye ayenera kumasulira yekha. Amene ali ndi digiri ya udokotala wa maphunziro aganizire kuti m'Chichewa "dokotala" anthu amayamba aganiza za kuchipatala, ndiye ndi bwino kuwonjezera kuti ndi dokotala wa za nthaka kapena wa za chuma. Dzina likakhala ndi nkhodolero onetsetsani kuti yalembedwa, poti mafoni ndi makompyuta amakonda kuimeza, ndipo a Ng'oma amasanduka a Ngoma. Chimodzimodzi "h" wa m'mayina ngati Mphande ndi Santhe. Musaganize kuti poti wotsogolera ndi Mmalawi ndiye dzina lililonse alitha. Wokulira ku Mulanje akhoza kuvutika ndi Mhango, ndipo wa ku Rumphi akhoza kuvutika ndi mayina a Chilomwe. Njira yachidule ndi kumutumizira uthenga wa mawu pa WhatsApp, masekondi asanu, mukutchula dzina lanu kawiri pang'onopang'ono. Otsogolera amayamikira kwambiri zimenezi ngakhale sapempha.

Mukamaliza kulemba, musadziyese nokha. Inu mukudziwa kale pamene pali popumira, ndiye muwerenga bwino ngakhale zolembedwa moipa. Patsani munthu amene sanazionepo, kaya ndi mlembi wa pa ofesi kapena mwana wa Fomu 3 kunyumba, awerenge mokweza kamodzi kokha osayamba waziyang'ana, inu muli ndi wotchi ndi cholembera. Pamene waima pakati pa chiganizo kuti apume, chiganizocho chatalika. Pamene wabwerera n'kuyambiranso, pali mawu owombana kapena liwu lotchulidwa pawiri. Pamene wasintha mawu anu mosadziwa, kunena "amaphunzitsa" pomwe munalemba "aphunzitsa", nthawi zambiri pakamwa pake pasankha chosavuta, ndipo ngati tanthauzo silikusintha tsatirani iyeyo. Pakhalenso munthu wachitatu womvera chabe. Mukamufunsa kuti mayiwa ndi ndani, amachita chiyani, abwerera chiyani, ayankhe zonse zitatu osaona pepala. Akalephera chachitatu, ndiye kuti mzere wa manyowa uja sunamveke, ndipo muukweze m'mwamba kapena muchotse zouphimba.

Katumizidwe kake n'kosavuta koma ambiri amalakwitsa. Lembani mbiriyo mu uthenga weniweniwo, pa imelo kapena pa WhatsApp, kuti okonza athe kuikopera. Chithunzi cha pepala lolemba pamanja chimakakamiza wina kuti atayipenso, ndipo m'pamene nkhodolero ndi manambala zimasochera. Chiganizo chilichonse chikhale pa mzere wakewake monga ndachitira pamwambapa, kuti wotsogolera akakweza maso kuyang'ana anthu apeze msanga pamene anasiyira. Musalembe zonse m'zilembo zazikulu, zimavuta kuwerenga. Pansi pake ikani ina ya mzere umodzi, n'kulemba kuti iyi ndi ya nthawi ikachepa: "Mayi Uje, mkulu wa alangizi a zaulimi ku Santhe, m'boma la Kasungu, amene amaphunzitsa alimi kupanga manyowa a Mbeya." Misonkhano yathu imayamba mochedwa, mlendo wolemekezeka amatalikitsa, ndipo chinthu choyamba kudulidwa chimakhala mbiri za oyankhula. Mzere umodziwo ndi umenenso adzaugwiritse ntchito pa wailesi pokumbutsa omvera kuti amene akuyankhulayu ndi ndani. Ngati adzafunanso ya Chingerezi yoika m'kabuku ka pulogalamu, ilembeni payokha. Musatumize ya Chingerezi yokha n'kuyembekeza kuti wotsogolera adzaimasulira ali kutsogolo. Udindo wanu udzatuluka mmene iye waumvera.

Pa tsikulo fikani msanga, mumupeze wotsogolera mwambo usanayambe, mumupatse pepala losindikiza m'zilembo zokulirapo ngakhale munatumiza kale, ndipo mumutchulire dzina lanu pamaso. Akalakwitsabe, sankhani zokonza. Akanena kuti munayamba mu 2012 kapena akaiwala Bunda, zisiyeni zipite. Akalakwitsa dzina, kapena akakukwezani udindo n'kukutchulani mkulu wa zaulimi wa boma lonse la Kasungu, konzani m'chiganizo chanu choyamba, chifukwa mwini udindowo akhoza kukhala akumvera. Sipafunika kupepesa kapena kumuyang'ana wotsogolera. Mungoti, "Zikomo a tcheyamani. Monga mkulu wa alangizi ku Santhe, zimene ndaona chaka chino ndi izi," n'kulowa m'nkhani ya manyowa.